Mbiri zachidule za anthu anu mu tenda: yambirani pa zimene afunsa

*"Ndili ndi kampani yaing'ono yokumba mijigo kuno ku Ngabu. Bungwe lina latulutsa tenda yokumba mijigo 10 ndi kuika mpope umodzi woyendera sola m'midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo akufuna mbiri yachidule ya aliyense mwa anthu athu asanu ndi mmodzi. Wotsogolera akuti akhale ndi digiri, zaka 8 pa ntchito za madzi, 5 mwa izo akutsogolera, komanso ntchito 3 zofanana ndi iyi. Anzanga anditumizira mbiri zawo pafoni: wina masamba atatu, wina mizere iwiri, wina wayambira ku pulayimale. Kwatsala masabata awiri. Ndizikonze bwanji kuti zifanane?" Mayi wa ku Ngabu*

Mayi, mtima m'malo. Masabata awiri ndi okwanira, ndipo kulemba kwenikweniko kungakutengereni masiku awiri okha. Chimene chimadya nthawi ndi kusonkhanitsa mapepala a umboni, choncho yambani lero kuitanitsa makope a masatifiketi, a ziphaso za unzika ndi makalata ochokera kumene anthu anuwo anagwirako ntchito. Zimene akutumizirani pafonizo musazitaye, koma musayesenso kuzidula kapena kuzitambasula kuti zifanane kutalika. Zitengeni ngati njerwa ndi mchenga. Womanga ndinu, ndipo mbiri zonse zisanu ndi imodzi zilembedwe ndi dzanja limodzi.

Ganizirani kaye amene adzawerenge. Komiti yowunika imakhala ya anthu ochepa, patebulo pali mulu wa zikalata za makampani angapo, ndipo aliyense ali ndi pepala lochongera limene latengedwa m'chikalata cha tenda chomwecho. Pa udindo uliwonse pali mafunso atatu kapena anayi: maphunziro akukwana? zaka zikukwana? ntchito zofanana zilipo zingati? umboni ulipo? Wowunika saloledwa kuganizira kapena kukuchitirani chifundo chifukwa amakudziwani. Amachonga chimene wachiona cholembedwa. Ndiye mbiri yachidule mu tenda ndi yankho la mafunso amenewo, loikidwa mwa ndondomeko yomwe iwo afunsira, kuti diso la wowunika likachoka pa pepala lake ligwere pa yankho. Kufanana kwa mbirizo kumene mukukufuna kumachokera pomwepo. Ngati zaka za ntchito zili pa mzere wachitatu mu mbiri yoyamba, zikhale pa mzere wachitatu mu mbiri zonse, chifukwa wowunika akazipeza kamodzi adzazifuna pamalo omwewo.

Tsegulani chikalata cha tenda pa gawo la anthu ofunika, limene nthawi zambiri limalembedwa kuti Key Personnel, ndi gawo lofotokoza kawunikidwe. Tengani pepala lalikulu, mulijambule mizere. Kumanzere lembani maudindo asanu ndi limodziwo monga momwe alembedwera, osasintha liwu ngakhale limodzi. Pafupi ndi udindo uliwonse lembani zimene afuna. Kenako dzina la munthu wanu, zimene ali nazo, ndipo kumapeto pepala limene likuchitira umboni. Musalembe chiganizo chilichonse cha mbiri pepala ili lisanadzaze. Pamene patsala malo opanda kanthu ndi pamene tenda yanu ingagwere, ndipo kuli bwino kuzindikira lero kusiyana ndi usiku woti mawa lake mukupereka.

Onaninso ngati kawunikidwe kake ndi kopambana kapena kulephera basi, kapena ndi kopereka mapointi. Pa tenda zambiri za zomangamanga, munthu mmodzi wosakwana angagwetse kampani yonse mitengo yanu isanayang'anidwe n'komwe. Pamene amapereka mapointi, wotsogolera ndiye amanyamula ochuluka, ndipo ndi pa iye pamene muyenera kutaya thukuta lambiri.

Tiyeni tikhale pa wotsogolerayo, chifukwa kuwerenga zaka ndi kumene kumagwetsa anthu ambiri oona mtima. Tiyerekeze kuti munthu wanu, timutche Bambo Uje, anamaliza digiri ya uinjiniya mu 2013, ndipo tenda ikutsekedwa kumapeto kwa Juni 2025. Iye m'mbiri yake walemba kuti ali ndi zaka 12 pa ntchito. Sakunama, koma si zimene afunsa. Mukafufuza mukupeza kuti kuyambira 2013 mpaka pakati pa 2016 ankagwira za misewu, ndipo za madzi anayamba mu Julayi 2016. Kuchokera pamenepo kufika Juni 2025 ndi zaka 9. Afuna 8, ndiye apa wadutsa, ndipo mu mbiri mulembe 9 osati 12. Mukalemba 12, wowunika akawerengetsa yekha pa sivi n'kupeza 9, amayamba kukayikira manambala ena onse a kampani yanu.

Tsopano za kutsogolera. Bambo Uje anapatsidwa udindo wotsogolera ntchito mu Januwale 2021. Kufika Juni 2025 ndi miyezi 54, kutanthauza zaka 4 ndi theka. Afuna zaka 5, yomwe ndi miyezi 60. Zaperewera ndi miyezi 6. Apa anthu amachita chimodzi mwa zolakwika ziwiri. Ena amalemba kuti "pafupifupi zaka 5", ndipo wowunika amachonga kuti sizinakwane. Ena amati popeza mu 2022 anatsogolera ntchito ziwiri nthawi imodzi, chaka chimenecho achiwerenge kawiri. Ayi. Chaka ndi chimodzi ngakhale munthu atanyamula ntchito zitatu. Ntchito ziwirizo zikuthandizani pa chiwerengero cha ntchito zofanana, osati pa zaka.

Chochita ndi kukhala naye pansi n'kubwerera m'mbuyo mwezi ndi mwezi. Mwina mu 2019 anatsogolera gulu lokumba mijigo kwa miyezi 7 pa kampani ina, ngakhale dzina la udindo wake silinali lomwelo. Ngati pali kalata yochokera kwa eni ntchitoyo yonena kuti iye ndi amene ankayang'anira, miyezi 54 kuphatikiza 7 ikhala 61, ndipo wadutsa ndi mwezi umodzi. Mu mbiri mulembe nthawi ziwirizo padera, ndi miyezi yake, kuti wowunika aphatikize yekha n'kupeza zomwezo. Ngati kalatayo palibe ndipo singapezeke, miyezi 7 ija kulibe. Pamenepo onani ngati wina m'gulu lanu akukwana, monga katswiri wa madzi a pansi pa nthaka amene mwina watsogolerapo zaka zambiri. Koma musamuike pa maudindo awiri musanafunse. Zikalata zambiri zimafuna munthu mmodzi pa udindo umodzi, ndipo mukamusuntha mutseka dzenje limodzi n'kutsegula lina. Funsani eni tenda mwa kalata, kudzera pa keyala imene aika m'chikalatamo, tsiku lomaliza kulandira mafunso lisanadutse. Tsikulo limafika msanga kuposa lotsekera tenda, ndipo yankho la pafoni lochokera kwa mnzanu wa mu ofesiyo silikutetezani.

Pepala lija likadzaza, kalembedwe kake n'kosavuta. Mbiri iliyonse iyambe ndi dzina lonse ndi udindo umene mwamuikapo mu tenda iyi. Kenako maphunziro amene akukhudza udindowo, sukulu yake ndi chaka, pamodzi ndi kulembetsa ku bungwe la akatswiri ngati afuna, monga Malawi Engineering Institution kwa mainjiniya. Kachitatu zaka za ntchito, zowerengedwa monga taonera. Kachinayi ntchito zofanana ziwiri kapena zitatu, iliyonse yokhala ndi chaka, malo, kukula kwake ndi chimene iyeyo anachita. Kachisanu chimene adzachite pa ntchito ino ndi nthawi imene adzakhalepo. Pomaliza zilankhulo. Mawu 90 mpaka 120 pa munthu ndi okwanira, wotsogolera angafike 150. Mbiri ziwiri kapena zitatu pa tsamba limodzi. Ngati eni tenda aika malire awo a mawu kapena fomu yawo, zawozo ndi zimene zilamule, ngakhale zitaoneka zosakongola.

Ya Bambo Uje ingamveke chonchi. Ndailemba m'Chichewa kuti muone mafupa ake. Mudzaiika m'chilankhulo chimene tenda yanena, chomwe kawirikawiri ndi Chingerezi.

*Bambo Uje, Wotsogolera Ntchito. Ali ndi digiri ya uinjiniya wa zomangamanga ya University of Malawi, 2013. Wagwira ntchito za madzi zaka 9 kuyambira Julayi 2016, ndipo watsogolera kwa miyezi 61: Epulo mpaka Okutobala 2019, ndi Januwale 2021 mpaka Juni 2025. Mu 2022 anatsogolera kukumba mijigo 14 m'boma la Chikwawa. Mu 2023 kukonzanso mijigo 22 yowonongeka ndi madzi osefukira ku Nsanje. Mu 2024 kumanga mpope wa sola wokhala ndi thanki ya malita 10,000 ndi malo otungira 4. Pa ntchito ino adzayang'anira ndondomeko ya ntchito, kulemba malipoti ndi kuimira kampani pa misonkhano, ndipo adzakhalapo nthawi yonse. Amalankhula Chichewa, Chisena ndi Chingerezi.*

Taonani zimene mulibe. Mulibe mawu akuti ndi wakhama, wodalirika kapena woopa Mulungu. Angakhale ali zonsezo, koma wowunika alibe pochonga zimenezo. Mulibe sukulu ya pulayimale, banja, mpingo, ngakhale zaka zitatu za misewu zija. Zimenezo zikhale mu sivi. Taonaninso kuti ndalemba University of Malawi ngakhale iye anganene kuti anaphunzira ku MUBAS. Polytechnic, imene inali pansi pa University of Malawi, inasanduka MUBAS mu 2021, ndiye amene anamaliza mu 2013 satifiketi yake ili ndi dzina lakale. Lembani chimene chili pa pepala, chifukwa wowunika adzayika mbiri ndi satifiketi pafupipafupi.

Nkhani ya maina ndi yomweyo. Si zachilendo kupeza munthu amene pa satifiketi ya sukulu ali ndi dzina la agogo ake, pa chiphaso cha unzika dzina la bambo ake, ndipo kuntchito amadziwika ndi lina. Mayi amene anakwatiwa atamaliza sukulu amakhalanso ndi maina awiri. Gwiritsani ntchito dzina la pa chiphaso paliponse, ndipo ngati likusiyana ndi la pa satifiketi, phatikizani chikalata cholumbirira chonena kuti ndi munthu mmodzi. Chimapezeka kwa loya kapena ku khoti, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zoti muyambe sabata ino.

Pa kusankha ntchito zofanana ndi pamene inu a kuno kuchigwa mungapose makampani akuluakulu ochokera kumtunda, ngati mutalemba mwanzeru. Nthaka yambiri ya m'chigwa cha Shire ndi mchenga ndi dothi zimene madzi anaunjika, ndipo dzenje limagumuka mukalibowola ndi nyundo ya mpweya imene imagwira bwino pa thanthwe. Pamafunika wobowola wodziwa njira ya matope, amene amagwira makoma a dzenje mpaka mapaipi atalowa. Choncho mu mbiri ya wobowola wanu musangolemba kuti wakumba mijigo yambiri. Lembani kuti ingati, kuti, ndi njira iti, yakuya mamita angati. "Mijigo 35 ku Chikwawa ndi Nsanje kuyambira 2018, 28 mwa iyo ndi njira ya matope, yakuya mamita 30 mpaka 60" ndi chiganizo chimene injiniya wokhala m'komiti adzachimvetsa nthawi yomweyo. Manambalawo achokere m'mabuku a mijigo amene mumasunga, osati m'mutu mwa wobowolayo.

Katswiri wa madzi a pansi pa nthaka naye ali ndi mfundo yake ya kuno. Aliyense wa ku Ngabu amadziwa mijigo imene inakumbidwa bwinobwino koma anthu anaisiya chifukwa madzi ake ndi amchere. Ngati katswiri wanu anafufuzapo malo okumba m'madera otere, n'kumayeza mchere wa madzi pobowola kuti adziwe poyimira, chimenecho chikhale ntchito yoyamba kutchulidwa mu mbiri yake, patsogolo pa ntchito yaikulu imene anagwira ku Mzimba kapena ku Dedza. Ntchito yaikulu imakometsa munthu, koma yofanana ndi imene ikufunidwa ndiyo imapeza mapointi. Chimodzimodzi ngati anagwirapo ntchito yokweza pansanja pa mjigo kuti madzi osefukira asalowe, monga zinafunikira m'madera ambiri pambuyo pa namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023.

Wolumikizana ndi anthu a m'midzi ndi amene mbiri yake imakonda kutuluka yopanda mchere, chifukwa timangolemba kuti amagwira bwino ndi anthu. Mupatseni manambala ngati anzake: makomiti a mijigo angati amene anakhazikitsa ndi kuphunzitsa, m'dera la mfumu yaikulu iti, chaka chiti. Kwa iye mzere wa zilankhulo ndi wolemera kuposa wa wina aliyense, chifukwa msonkhano wa kumudzi ku Nsanje umayenda bwino m'Chisena. Ngati amangomva koma salankhula, lembani choncho. Mmisiri wa sola atchulidwe ndi satifiketi yake yeniyeni ndi giredi yake, kaya ndi ya TEVETA kapena ya kwina, komanso kukula kwa mipope imene anaikapo. Woona za chitetezo ndi chilengedwe, mwachidule, maphunziro ake ndi malo a ntchito amene anayang'anirapo.

Apa pali vuto limene mudzakumana nalo ndithu. Wobowola wanu mwina ndi katakwe wa zaka 20 pa makina koma alibe pepala loposa la fomu 2, pomwe mnyamata wa sola ali ndi mapepala koma ntchito ziwiri zokha. Musasinthe ndondomeko ya mbiri kuti mubise kufooka kwa wina. Mzere wa maphunziro ukhalepo ndithu, ndipo mulembe chimene chilipo, monga maphunziro afupiafupi a kubowola amene ali ndi satifiketi yake. Mzere ukasowa mu mbiri imodzi yokha, diso limagwera pomwepo. Ngati tenda ikufuna pepala limene iye alibe, kalembedwe kabwino sikangamupulumutse. Muike wina wokwana pa udindowo, amene adzabweredi kuntchito, ndipo katakweyo mumutchule pa gulu la othandizira.

Mawu akuti adzabweredi ndawanena dala. Akatswiri a madzi a pansi pa nthaka ndi ochepa, ndipo sizachilendo kuti munthu mmodzi apezeke m'zikalata za makampani awiri kapena atatu pa tenda imodzi, nthawi zina iye osadziwa n'komwe. Zikalata zina zimaloleza, zina zimaletsa, ndiye werengani. Kwa aliyense amene si wantchito wanu wokhazikika, tengani kalata yosainidwa yonena kuti wavomera kuikidwa pa udindo wakutiwakuti mu tenda iyi ndipo adzapezeka m'miyezi yakutiyakuti. Mu mbiri nenani poyera kuti ndi wa kampani kapena wobwerekedwa pa ntchito ino yokha. Mukapambana, kusintha munthu wofunika kumafuna chilolezo cha eni ntchito, ndipo wolowa m'malo ayenera kufanana naye kapena kumuposa. Kuika dzina la munthu amene simunagwirizane naye, kuwonjezera zaka kapena kutchula ntchito imene sanagwire ndi chinyengo, ndipo pa tenda za boma bungwe la PPDA, loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, lili ndi mphamvu yoletsa kampani kupikisana nawo kwa nthawi. Kampani yaing'ono imene imadalira ntchito za makhonsolo singapirire chilango chotero.

Mzere wa nthawi imene munthu adzakhalepo uyenderane ndi ndondomeko yanu ya ntchito. Ngati mwalemba kuti kufufuza malo kudzatenga masabata atatu ndipo kubowola masabata asanu ndi atatu, katswiri wa madzi sangalembedwe kuti adzakhalapo masabata awiri. Ndipo ngati ina mwa mijigoyo ili tsidya la kum'mawa kwa Shire, monga cha ku Makhanga, kumene makina olemera amavutika kufika mvula ikagwa, onetsetsani kuti miyezi imene anthu anu alonjeza ndi yachilimwe yomwe mudzagwiredi ntchitoyo.

Mukamaliza kulemba, tsiku limodzi likhale la kufananitsa basi. Yalani pamkeka kapena patebulo mbiri zisanu ndi imodzi, masivi, chithunzi chosonyeza amene ali pansi pa yani, ndondomeko ya ntchito ndi makope a masatifiketi. Tengani munthu mmodzi, mumutsatire m'mapepala onsewo. Dzina ndi limodzi? Udindo walembedwa mofanana, kapena pena ndi wotsogolera, pena woyang'anira, pena manijala? Chaka cha digiri chikugwirizana? Ntchito ya mijigo 14 ija, mu sivi si 12? Zolakwika zotere zimabwera chifukwa masivi analembedwa kale pa tenda zina, ndipo kawirikawiri mumapezekanso dzina la tenda yakale litatsalira m'kati. Onaninso tizinthu ting'onoting'ono: mbiri zonse zinene kuti "iye" osati ina "ine", manambala onse alembedwe ndi zizindikiro, miyezi ndi zaka zilembedwe mwanjira imodzi, zilembo zikhale za mtundu ndi kukula kumodzi. Zithunzi za anthu muike pokhapokha atafuna, ndipo mukaika cha mmodzi muike za onse. Ngati tenda ikufuna kuti mitengo ikhale mu envulopu yakeyake, musatchule malipiro a munthu aliyense mu mbiri.

Kenako tumizani kwa aliyense mbiri yake kuti aiwerenge ndi kusaina kuti ndi yoona. Ena adzadandaula kuti mwadula zambiri, makamaka wa masamba atatu uja. Muuzeni kuti zonse zili mu sivi yake imene mwaphatikiza kumapeto, ndipo aloledwe kukonza cholakwika chokha, osati kuwonjezera. Kumbukirani kuti mbiri yachidule silowa m'malo mwa fomu ya sivi ngati chikalata chili nayo. Fomuyo idzazidwe ndi kusainidwa payokha.

Pali nthawi zitatu zimene ndingakulangizeni kufuna thandizo lapadera. Ngati Chingerezi chikukukayikitsani, pezani munthu mmodzi womasulira mbiri zonse pamodzi, inu muli pambali ndi pepala la mizere lija kuti manambala asasinthe. Ngati mukufuna kulowa pamodzi ndi kampani ina kuti anthu akwane, mgwirizano wanu uwonedwe ndi loya musanasaine, ndipo mbiri iliyonse inene kuti munthuyo ndi wa kampani iti. Ndipo ngati mawu ena m'chikalata akumveka pawiri, mwachitsanzo ngati dipuloma yokhala ndi zaka zambiri ingalowe m'malo mwa digiri, lembani funsolo kwa eni tenda sabata ino. Yankho lawo lolembedwa amalitumiza kwa onse opikisana, ndipo kope lake mulisunge pamodzi ndi zikalata zanu.